"Khalidwe labwino" limenelo munaliona liti, akuchita chiyani?

Kumapeto kwa chaka, m'malo ambiri a ntchito mumazungulira fomu younikira kagwiridwe ka ntchito ka munthu aliyense. M'munsi mwake mumakhala kabokosi koti bwana alembemo ndemanga, ndipo zolembedwamo sizisiyana kwenikweni, kaya ndi ku banki, ku chipatala kapena ku kampani ya alonda. "Ali ndi khalidwe labwino." "Ndi wolimbikira." "Amagwirizana ndi anzake." Kwa amene sizinamuyendere bwino, "Akonze khalidwe lake." Wantchito amawerenga, kusaina, n'kubwerera pampando wake. Mutamufunsa kuti Lolemba likudzali achita chiyani mosiyana ndi kale, sangakuyankheni. Kawirikawiri ngakhale bwana amene analemba ndemangayo amakanika kuyankha.

Ndemanga zoterezi si zabodza. Bwana amakhala ataonadi kanthu. Vuto ndi lakuti zimene amalemba si zimene anaonazo, koma mmene mtima wake unamvera ataziona. Pakati pa zochitika ndi ndemanga pamatayika zonse zimene zikanathandiza: tsiku lake, malo ake, zimene munthuyo ananena kapena kuchita, ndi zimene zinatsatirapo. Ntchito yosandutsa ndemanga yophimbira kukhala zochita zooneka ndi zoyezeka ndiyo kubwerera m'mbuyo kukatola zotayikazo.

Kuno ku Malawi nkhaniyi ili ndi mbali ina imene mabwana amaikumbukira zinthu zitaipa kale. Lamulo la za ntchito la mu 2000, mu gawo 57, limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zosowa za kampani, ndipo ngati chifukwacho chikukhudza luso kapena khalidwe, apatsidwe mwayi wodziteteza. Gawo 61 limaika udindo wopereka chifukwacho pa wolemba ntchito. Tsono bwana amene wakhala akulemba "khalidwe lake silabwino" kwa zaka zitatu amafika ku khoti la milandu ya za ntchito ali ndi mafomu atatu, koma wopanda tsiku ngakhale limodzi loti aloze. Nayenso wantchito sangadziteteze pa mlandu umene sunatchule chimene anachita.

Vutoli akatswiri analiona kalekale. Mu 1920, Edward Thorndike wa ku America anaunika malikisi amene akuluakulu a asilikali ankapereka kwa anthu awo pa zinthu zosiyana monga thupi, nzeru, utsogoleri ndi khalidwe. Anapeza kuti malikisiwo ankayendera limodzi mopitirira muyeso. Msilikali akaoneka bwino pa chimodzi, ankapatsidwa malikisi okwera pa zonse, ngati kuti mkuluyo wayamba wagamula kuti munthuyu ndi wabwino, kenako n'kugawa chigamulocho m'mabokosi onse. Mawu ophimbira amakulitsa vuto limeneli, chifukwa mulibe chowaletsa. "Wolimbikira" angathe kumatidwa pa aliyense amene bwana amamukonda.

Njira yotulukira inachokera kwa asilikali a m'ndege. Mu 1941 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi John Flanagan linayamba kufufuza chifukwa chimene ophunzira kuyendetsa ndege ambiri ankalepherera maphunziro. Litawerenga malipoti a ophunzira 1,000 amene anachotsedwa, linapeza kuti zifukwa zambiri zinali zonga za m'mafomu athu aja: alibe luso lachibadwa, saganiza bwino, mtima wake si woyenera ntchitoyi. Zimenezi sizikanathandiza kusankha ophunzira kapena kuwaphunzitsa. Choncho akatswiriwo anasintha funso. M'malo mofunsa kuti munthuyu ndi wotani, anayamba kufunsa anthu odziwa ntchitoyo kuti akumbukire nthawi imodzi imene anaona wina akuchita chinthu chimene chinathandiza kwambiri kapena kuwononga kwambiri, n'kufotokoza kuti zinali bwanji, anachita chiyani kwenikweni, ndipo zinatha bwanji. Flanagan anafalitsa njirayi mu 1954, ndipo pafupifupi zonse zimene zinabwera pambuyo pake zinamangidwa pa funso limeneli.

Tiyeni tiione njirayi ikugwira ntchito. Tiyerekeze sitolo ya zipangizo za ulimi pa boma linalake, yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'munda. Pa kauntala pali ogulitsa awiri, mayi wina amene wakhalitsapo ndi mnyamata amene wagwirapo chaka chimodzi. Manijala wa sitoloyo walembera mayiwo kuti ali ndi khalidwe labwino, malikisi 5 pa 5. Mnyamatayo wamulembera kuti akonze khalidwe, malikisi 2. Mkulu woyang'anira masitolo a m'chigawocho akubweza mafomuwo n'kukhala naye pansi.

"Bwana manijala, mayiwa mwati ali ndi khalidwe labwino. Tandiuzani tsiku limodzi limene munanena mumtima kuti eya, izi ndiye zimenezi."

Manijala amayamba ndi mawu omwe aja, kuti ndi aulemu, ndi ofatsa. Mkuluyo amaumirira kuti akufuna tsiku. Pamenepo nkhani imatuluka. Mu Novembala kunabwera agogo ena ofuna mbewu ya chimanga yochedwa kucha, koma mayiwo atawafunsa kumene amalima ndi nthawi imene akufuna kudzala, anawafotokozera kuti kuderalo mvula imathawa msanga, n'kuwasonyeza mbewu yocha msanga. Tsiku lina ndalama zinaperewera ndi K2,000 potseka, mayiwo anapita okha kukanena asanafunsidwe, n'kukhala mpaka lisiti lolembedwa kawiri litapezeka. Komanso, akutero manijala, akandiona ndikulowa amaimirira n'kundilandira chikwama.

"Nanga mnyamatayu?"

Kawiri konse anatseka kauntala yake 5 koloko itangokwana pamene anthu anali adakali pa mzere. Kasitomala wina atabweza botolo la mankhwala lotha masiku, anamuuza kuti si iye amaoda katundu, n'kuitana wotsatira. Ndipo pa msonkhano wa Lolemba m'mawa anatsutsa manijala pamaso pa onse kuti mtengo wa feteleza umene unalembedwa pa bolodi unali wakale.

Onani zimene zachitika. Mawu awiri aja asanduka nkhani zisanu ndi imodzi, ndipo zikangoikidwa poyera zikuoneka kuti si zamtundu umodzi. Kufunsa mlimi asanamugulitse mbewu ndi ntchito. Kuulula shoti ndi ntchito. Kutseka kauntala anthu ali pa mzere ndi kukankha dandaulo ndi zolakwa za ntchito. Koma kulandira chikwama cha bwana sikugulitsa thumba la feteleza ngakhale limodzi, ndipo kunena kuti mtengo wa pa bolodi ndi wolakwika n'kutheka kuti kunapulumutsa sitoloyo. Apa m'pamene ine ndimaona kuti mawu oti "khalidwe" amavuta kwambiri m'maofesi mwathu. Tinakula tikuphunzitsidwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndipo ulemu umenewu ndi wabwino pa malo ake. Koma ukalowa mu fomu mosatchulidwa dzina, umasanduka muyeso wobisika: wogonja amakwezedwa, wolankhula amalembedwa kuti ndi wamwano, ngakhale kuti pa kauntala wolankhulayo ndiye amagwira bwino ntchito. Kufunsa kuti "anachita chiyani" sikuthetsa maganizo amenewa, koma kumawatulutsa pabwalo pamene anthu angakambirane ngati ali oyenera kulowa m'malikisi kapena ayi.

Robert Mager, amene analemba buku lonse pa nkhaniyi mu 1972, anapereka ndondomeko yosavuta kuitsata. Lembani mawu ophimbirawo pamwamba pa pepala. M'munsi lembani chilichonse chimene munthu angachite kapena kunena kuti muvomereze kuti mawuwo akumuyenera, osasankha kaye. Kenako sefani: fufutani zobwerezabwereza ndi zosakhudza ntchito, ndipo chilichonse chimene chikadali chophimbira chiikeni pamwamba pa pepala lina n'kuyambiranso. Zotsalazo zilembeni m'ziganizo zathunthu zonena kuti zichitike liti, kangati kapena mofika pati. Potsiriza dzifunseni kuti, munthu atachita zonsezi, kodi ndingavomere kuti ali ndi khalidwe labwino? Mukayankha kuti ayi, ndiye kuti pali chimene simunachitchule.

Sitepe imene anthu ambiri amagwerapo ndi yosefa. Amachotsa mawu ophimbira n'kuikapo ena ophimbiranso, koma ataliatali. Manijala wathu uja poyamba angalembe kuti "amalandira makasitomala mwansangala ndi mwaulemu." Chiganizochi chikumveka ngati chikunena zochita, koma mphamvu yake yonse ili pa "mwansangala" ndi "mwaulemu", ndipo anthu awiri oimirira pambali pa kauntala angasiyane maganizo pa kasitomala yemweyo. Njira yodziwira ndiyo imeneyi: mlendo amene sadziwa wogulitsayo, ataima pamenepo ndi pepala, kodi angathe kuchonga kuti zachitika kapena sizinachitike popanda kufunsa zimene zili mumtima mwa munthu? "Amapereka moni asanafunse chimene kasitomala akufuna" angachonge. "Amawerengera kasitomala chenji m'manja, n'kumupatsa lisiti asanaitane wotsatira" angachonge. "Amasamala za makasitomala" sangachonge.

Msampha wachiwiri ndi kulemba zimene munthu sachita. Sakangana ndi makasitomala, sadandaula, sayankha mabwana. Katswiri wina wa ku America, Ogden Lindsley, m'zaka za m'ma 1960 anapereka muyeso woseketsa koma wothandiza: ngati munthu wakufa angathe kuchita chinthucho, ndiye kuti si chochita. Wakufa sakangana ndi aliyense ndipo sadandaula. Wogulitsa amene amathawira kumbuyo kukabwera kasitomala wokwiya nayenso sakangana. Chimene sitolo ikufuna ndi china: kasitomala akabweza katundu, wogulitsa amvetsere mpaka amalize, alembe dandaulo m'kaundula, amuuze chimene chichitike ndi tsiku lake, ndipo akafikitse nkhaniyo kwa manijala tsiku lomwelo. Izi wakufa sangathe, ndipo mnyamata uja akaziwerenga adziwa pamene anaphonya ndi botolo la mankhwala lija.

Atatha kusefa, manijala akutsala ndi mitu itatu m'malo mwa mawu amodzi aja: kuthandiza mlimi kugula choyenera, kusamala ndalama ndi malisiti, ndi kuyankha madandaulo. Pansi pa mutu uliwonse pali zochita ziwiri kapena zitatu. Zimenezi n'zokwanira. Ndaona mafomu a zochita makumi anayi, ndipo mapeto ake amakhala amodzi: bwana amatopa pa tsamba loyamba n'kuchonga 4 kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Kuoneka kwatheka. Nanga kuyeza? Apa njira zilipo ziwiri, ndipo zimayankha mafunso osiyana.

Yoyamba imafunsa kuti chochitacho chinali cha mulingo wanji. Anaikonza Patricia Cain Smith ndi Lorne Kendall mu 1963 pogwira ntchito ndi anamwino. M'malo moti nambala za pa sikelo zikhale ndi mawu monga "bwino" ndi "bwino kwambiri", nambala iliyonse imamangiriridwa ku chitsanzo cha zochitika zenizeni. Koma nzeru yeniyeni ya njirayi si maonekedwe a fomu, ndi mmene zitsanzozo zimasankhidwira. Gulu limodzi la anthu odziwa ntchito limalemba nkhani ndi kutchula mitu. Gulu lina, limene silinakhalepo polemba, limapatsidwa nkhanizo zitasakanizidwa n'kuuzidwa kuti liike iliyonse pansi pa mutu wake. Nkhani imene anthu sakugwirizana kuti ndi ya mutu uti imatayidwa. Zotsala zimapatsidwa malikisi ndi munthu aliyense payekha, ndipo imene malikisi ake amwazikana imatayidwanso.

Ku kampani ya masitolo ija zingayende chonchi. Mamanijala ndi ogulitsa akale asonkhanitsa nkhani 40, iliyonse pa kapepala kake, popanda mayina. Anthu ena 8 akuzigawa m'mitu itatu ija, ndipo agwirizana kuti kapepala kakhale ngati anthu 6 mwa 8 akaika pamalo amodzi. Nkhani ya shoti ya K2,000 onse aiika pa kusamala ndalama, ndipo malikisi ake ndi 5, 5, 4, 5, 5, 5, 4, 5. Imeneyi ikhala chitsanzo cha pamwamba pa sikelo. Nkhani ya wogulitsa amene amawerengera ndalama bwinobwino koma malisiti amawapereka mawa lake yapeza 3 pafupifupi kwa onse, ndipo ikhala pakati. Ya amene anabisa shoti n'kudzaibweza mwakachetechete kumapeto kwa mwezi yapeza 1. Tsono pabwera kapepala ka mtengo wa pa bolodi. Ena akaika pa kusamala ndalama, ena akuti sikalowa paliponse, ndipo malikisi ake ndi 5, 1, 4, 2, 5, 1, 3, 5. Malinga ndi njirayi kapepalaka n'kotayidwa. Ine ndingati katayeni pa fomu, koma musakataye m'nkhokwe ya zokambirana, chifukwa kakuululirani chinthu chimene fomu iliyonse yakale inkabisa: mamanijala a kampani imodzi sakugwirizana ngati wantchito woona cholakwa ayenera kulankhula kapena kukhala chete. Mpaka akuluakulu atagamula zimenezi, mnyamata uja adzapeza 5 ku sitolo ina ndi 1 ku sitolo ina pa chinthu chimodzimodzi. Akagamula, mwina chiganizo chake chidzakhala chakuti wogulitsa akaona mtengo wolakwika adziwitse manijala sitolo isanatsegulidwe. Apo ndiye kuti mnyamatayo anachita bwino kunena, ndipo chotsala n'kukambirana za malo ndi nthawi yonenera.

Njirayi imadya nthawi, ndipo sikelo yopangidwira ogulitsa siingagwire ntchito kwa madalaivala. Ilinso ndi vuto lina: munthu yemweyo angachite chinthu cha 5 Lachiwiri n'kuchita cha 1 Lachisanu, bwana n'kusowa pomuika.

N'chifukwa chake pali njira yachiwiri, ya Gary Latham ndi Kenneth Wexley ya mu 1977, imene imangofunsa kuti chochitacho chimachitika kangati, kuyambira "pafupifupi sizichitika" mpaka "pafupifupi nthawi zonse". Kwa sitolo yaing'ono imeneyi ndiyo yophweka. Koma mawu oti "kangati" amafuna mnzake, woti "mwa kangati". Madandaulo asanu ndi limodzi a mnyamata ndi awiri a mayi aja sanena kanthu ngati mnyamatayo ndiye anali pa kauntala ya feteleza mu Novembala, pamene mzere umafika kumsewu, pomwe mayiwo anali ku mbali ya mbewu za ndiwo zamasamba. Choyenera kuwerenga si madandaulo amene anamugwera, koma mwa madandaulo amene anamugwerawo, angati anawalemba ndi kuwafikitsa tsiku lomwelo. Akhale awiri mwa asanu ndi limodzi, apo pali nkhani. Chimodzimodzi ndi ndalama: mwa masiku 24 ogwira ntchito m'mwezi, masiku angati ndalama ndi malisiti zinaperekedwa zitagwirizana sitolo isanatsekedwe? Zimenezi zili kale m'mabuku, sizifuna kuti wina aimirire n'kumalondera.

Zina sizisiya chizindikiro m'buku. Kufunsa mlimi za munda wake sikulembedwa paliponse, choncho manijala ayenera kuona ndi maso. Sangaone zonse, ndipo safunika kutero. Angasankhe kuona malonda a mbewu khumi pa mwezi kwa wogulitsa aliyense, m'masiku ndi maola osiyanasiyana, kuphatikizapo tsiku la msika pamene anthu athithikana, n'kulemba kuti mwa khumiwo anafunsa kangati. Akamaona m'mawa okhaokha, anthu asanachuluke, aliyense adzaoneka katswiri. Ndipo nambala zazing'ono zotere zisalemedwe kuposa mphamvu yake. Kusiyana kwa 7 ndi 8 mwa khumi ndi mwayi chabe, pamene kusiyana kwa 3 ndi 9 kwa miyezi itatu yotsatizana ndi nkhani yeniyeni.

Pali chiyeso chimene chimabwera munthu akangolawa kukoma kwa manambala, ndicho kuyeza zosavuta kuwerenga m'malo mwa zofunika. Chosavuta kwambiri pa sitolo ndi kuchuluka kwa malonda. Mukamangirira bonasi pa matumba ogulitsidwa okha, mayi aja amene amataya mphindi zisanu kufunsa agogo za mvula adzakhala otsalira, ndipo adzaphunzira msanga kusiya kufunsa. Dziko linaona mapeto a njira imeneyi mu 2016, pamene banki ya Wells Fargo ku America inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni zitadziwika kuti antchito ake, pofuna kukwaniritsa chiwerengero cha malonda chimene ankapatsidwa, ankatsegulira anthu maakaunti iwo osadziwa. Antchito pafupifupi 5,300 anachotsedwa. Chiwerengerocho chinali choyezeka bwinobwino. Chizindikiro chakuti muyeso wayamba kuwononga ntchito ndi chakuti nambala ikukwera pamene chinthu chimene nambalayo imaimira sichikusintha, mwachitsanzo malonda a mbewu akwera koma obweza katundu achulukanso, kapena kaundula wa madandaulo wayera mwadzidzidzi chikhalireni makasitomala akung'ung'udzabe panja. Mankhwala ake ndi kuika miyeso iwiri yokokana pamodzi, liwiro ndi kulondola, malonda ndi zobwezedwa.

Tisaiwalenso kufunsa ngati chinthucho chili m'manja mwa woyezedwayo. Netiweki ikagwa makasitomala olipira pa foni n'kudikira ola lathunthu, kapena galimoto ya feteleza ikachedwa sabata yonse, si mlandu wa wogulitsa. Chake ndi chimene amachita zikatero, monga kuuza anthu a pa mzere zimene zachitika m'malo mowasiya aime osadziwa kanthu. Ndipo nkhani yotseka kauntala 5 koloko ija imafuna funso lina lisanalembedwe ngati cholakwa: kodi kampani inanenapo kuti amene ali kale pa mzere athandizidwe, ndipo maola owonjezera amalipidwa? Ngati ayi, chosowa ndi lamulo la sitolo, osati khalidwe la mnyamata.

Tsopano tinene zimene ogulitsa mafomu atsopano sakonda kunena. Mu 1980, Frank Landy ndi James Farr ataunika kafukufuku wa zaka zambiri anapeza kuti maonekedwe a fomu amasintha malikisi pang'ono chabe, mpaka analangiza kuti akatswiri ayambe aleka kaye kupanga mitundu yatsopano ya mafomu n'kuyang'ana zimene zimachitika m'mutu mwa woika malikisi. Mu 2000, Steven Scullen ndi anzake anaunika malikisi a mamanijala oposa 4,000 amene anaunikidwa ndi mabwana awo, anzawo ndi anthu a pansi pawo. Anapeza kuti kuposa theka la kusiyana kwa malikisi kunkachokera kwa oika malikisiwo, osati kwa oyezedwa. Zili ngati pamsika pamene wogula aliyense wabwera ndi ndowa yakeyake: chimanga n'chomwecho, koma wina akuti ndowa zitatu, wina akuti zinayi. Kulemba zochita momveka kumachepetsa vutoli koma sikulithetsa. Njira yodziwira kuti lakula bwanji kwanuko ndi kutenga mamanijala awiri kuti aone wogulitsa mmodzi pa tsiku limodzi, aliyense ndi pepala lake, kenako n'kufananitsa. Akasiyana pa chiganizo china, chiganizocho chilembedwenso. Akasiyana pa zonse, wina akumakwera wina akumatsika, vuto ndi ndowa zawo, ndipo ayenera kukhala pansi limodzi ndi zitsanzo mpaka maso awo afanane.

Chida chimene chimathandiza kuposa fomu ndi kope wamba. Flanagan yemwe uja anafotokoza za kafukufuku amene anachitika pa fakitale ina ya kampani ya General Motors, kumene akapitawo anagawidwa m'magulu atatu kuti azilemba zochitika kwa masabata awiri. Olemba tsiku ndi tsiku analemba nkhani 315. Olemba kamodzi pa sabata analemba 155, ndipo amene anadikira mpaka masabata awiriwo atatha analemba 63 zokha. Ngati masabata awiri amafufuta zinthu zinayi mwa zisanu zilizonse, ganizirani zimene zimatsala m'mutu mwa bwana amene akudzaza fomu mu Disembala za zimene zinachitika mu Malichi. Chimene chimatsala ndi chithunzi cha mumtima chija basi, kuphatikizapo zimene zachitika masabata awiri apitawa, ndipo antchito ochenjera amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amafika molawirira nyengo ya mafomu ikayandikira. "Khalidwe labwino" nthawi zambiri si ulesi wa bwana polemba. Ndi zokhazo zimene akukumbukira. Mizere itatu pa tsiku imakwana: deti ndi malo, zimene munthu anachita, zimene zinatsatira. Kopelo likhale la zabwino ndi zolakwika zomwe, ndipo antchito adziwe kuti lilipo. Likakhala la zolakwa zokhazokha, lobisidwa m'dilowa, anthu amalitcha buku la milandu ndipo amayamba kubisa zolakwa zawo, monga wa shoti wa malikisi 1 uja.

Zonsezi zimathera pa kukambirana kwa anthu awiri m'kaofesi. Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi mu 1996 anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri pa nkhani youza anthu mmene agwirira ntchito, ndipo anapeza kuti ngakhale kawirikawiri kumathandiza, pa nthawi yoposa imodzi mwa zitatu zilizonse kunkachititsa kuti ntchito itsike. Kufotokoza kwawo kunali kwakuti ndemanga ikakokera maganizo a munthu pa iye mwini m'malo mwa ntchito, phindu limachepa. "Khalidwe lanu silabwino" ndi mawu okhudza munthu yense, mpaka makolo amene anamulera, ndipo palibe amene amawalandira osadziteteza. Manijala wathu uja akakhala ndi kope amatha kulankhula mwina:

"Achimwene, pa 14 Novembala bambo wina anabweza botolo la mankhwala lotha masiku. Munawauza kuti si inu mumaoda katundu, n'kuitana wotsatira. Dandaulolo silinalembedwe, ndipo ine ndinamva patapita masiku anayi, mabotolo ena atatu atagulitsidwa kale. Inuyo munaziona bwanji tsiku limenelo?"

Funso lomalizalo si la mwambo chabe. N'kutheka mnyamatayo ayankha kuti kaundula anali atatsekeredwa mu ofesi, manijala atapita ku banki. Apo mulingo wa miyezi itatu ikubwerayi ukhala wa mbali ziwiri: kaundula azikhala pa kauntala, ndipo dandaulo lililonse lizilembedwa ndi kufika kwa manijala tsiku lomwelo, n'kudzawerenga limodzi kumapeto kwa Malichi kuti mwa angati, angati anatero. Mayi aja nawonso amapindula, ngakhale kuti malikisi awo anali okwera kale. Kuuzidwa kuti mwa malonda a mbewu 30 amene anaonedwa anafunsa za munda ka 27 kumawauza chimene ayenera kupitiriza, ndipo kumapatsa mkulu wa chigawo chifukwa chooneka chowasankhira kuti aziphunzitsa ogulitsa atsopano.

Patsala funso lomaliza la Mager lija, ndipo nthawi zina yankho lake limavuta. Mnyamata walemba madandaulo onse, ndalama zikugwirizana masiku 24 mwa 24, amafunsa alimi za minda yawo, koma manijala akuti pali chinachake chimene sichikumukhutiritsa. Mwina akunena zoona. Munthu angathe kupereka moni ndi nkhope youma moti kasitomala n'kulakalaka akadapanda kupatsidwa, ndipo mndandanda wa zochita sugwira zonse za mawu ndi nkhope. Zikatero manijala apatsidwe mwezi umodzi kuti abweretse nkhani ziwiri kapena zitatu zokhala ndi deti, ndipo ngati n'kotheka kasitomala kapena mnzake wa pa ntchito anenepo zimene anamva. Zikapezeka, zimalowa pa mndandanda ngati chochita chatsopano, chimene chidzayezedwe kwa ogulitsa onse, osati kwa mnyamata yekhayo. Mwezi ukatha popanda nkhani ngakhale imodzi, mkulu wa chigawo amachotsa ndemangayo pa fomu, ndipo malikisi amaikidwa potengera zimene zili m'kope ndi m'mabuku a sitolo.